Ciuno Cimagwa Poponda, Phazi Limagwa Ponyamula

M'komboni tili na liwu limodzi cabe la munthu aliyense amene sayenda monga anzake: amatsimphina. Agogo opendekela mbali imodzi amatsimphina. Mnyamata wokweza bondo ngati akwela masitepe osaoneka amatsimphina. Amai amene patapata imawavuka pa mseu, naonso amatsimphina. Liwulo likakambidwa nkhani imathela pamenepo, kapena imapita kwina: anaponda mankhwala, anam'tema, ni mowa, ni mmene anabadwila. Ine nimagwila nchito ya fiziyo, ndipo theka la nchito yanga ni kukhala pa mpando n'kuyang'ana anthu akuyenda kucoka pa citseko kufika pa windo. Zimene naphunzila pa mpando umenewo n'zakuti kutsimphina kuli mitundumitundu, ndipo mtundu ulionse uli na nthawi yake. Kuli kumene kumabwela phazi lili pansi, kuli kumene kumabwela phazi lili m'mwamba. Ukadziwa nthawi yake, wayamba kudziwa kumene vuto lagona.

Kuti timvane, tengani mwendo umodzi, tinene wakumanja, muutsatile kucokela pamene cidendene cagunda pansi mpaka cidzagundenso. Ulendo umenewo ndiwo mzungulilo umodzi wa kuyenda, ndipo kwa munthu wamkulu woyenda mosathamanga umatenga pafupifupi sekondi imodzi. Mukaugawa m'magawo 100, magawo 60 phazi limakhala pansi, magawo 40 limakhala m'mwamba. Popeza mwendo ulionse umakhala pansi kupitilila theka la nthawi, pali tunthawi tuwili pamene mapazi onse awili ali pansi pamodzi, kalikonse ka magawo pafupifupi 10. Apa m'pamene kuyenda kumasiyanila na kuthamanga. Wothamanga alibe nthawi imene mapazi onse ali pansi. M'malo mwake ali na nthawi imene onse ali m'mwamba.

Dokota wa ku America, Jacquelin Perry, amene anathela zaka zambili akupima kayendedwe ka odwala poliyo na sitiloko pa cipatala ca Rancho Los Amigos ku California, anagawa mzungulilo umenewu m'zigawo 8, ndipo buku lake la mu 1992 likali kuwelengedwa na ophunzila fiziyo. Simufunika kuloweza maina ake. Ingomvelani mwendo wanu. Cidendene cagunda. Phazi latsika pang'onopang'ono, bondo lapinda pang'ono kuti lilandile thupi. Mwendo winawo wanyamuka, ndipo thupi lonse latsamila pa mwendo umodzi n'kudutsa pamwamba pake. Cidendene canyamuka, mwatsala pa zala. Phazi linalo lagunda pansi kutsogolo, ndipo ili lakumbuyo lakankha n'kutsanzika. Zigawo zisanu zimenezi n'za pansi. Zitatu zotsala n'za m'mwamba: mwendo unyamuka bondo litapinda, udutsa pafupi na unzake, kenako uwongoka kufuna malo oponda.

Mwa zonsezi, ine nimadikila nthawi ziwili. Yoyamba ni pamene munthu waima pa mwendo umodzi. Yaciwili ni pamene phazi lili m'mwamba likudutsa linzake, pamodzi na kamphindi kamene likutela. Pa nthawi yoyamba nimayang'ana ciuno. Pa yaciwili nimayang'ana zala za kuphazi.

Tiyambe na ciuno. Mukaima na miyendo yonse, fupa la ciuno lili monga thebulo yokhala pa mizati iwili. Mukanyamula mwendo wakumanja, mzati umodzi wacoka, ndipo thebulo iyenela kugwela kumanja. Siigwa cifukwa ca minofu iwili ya m'mbali mwa thako lakumanzele, imene acipatala amaicha guluteyasi mediyasi na guluteyasi minimasi. Imacokela pa fupa la ciuno n'kukagwila pa kabampu ka fupa la nchafu, kamene mumakamva mukagona cammbali pa simenti. Mabuku amati nchito yake ni kutsegulila mwendo kumbali. Koma poyenda, mwendo uli pansi sungatseguke, conco minofuyo imakoka ciuno, kucigwila kuti mbali inayo isatsike. Ikani dzanja pansi pa lamba wanu cammbali, muime pa mwendo wa mbali imeneyo, mudzaimva ikulimba. Kwa munthu wabwinobwino, ciuno cimatsika pang'ono cabe, madigili ngati 5, mwakuti diso silicita nazo cidwi.

Nchito imeneyi ni yolema kuposa mmene imaonekela, ndipo masamu ake ni a katungwe. Tengani munthu wa makilo 72. Akaima pa mwendo umodzi, mwendo woimawo umadzinyamula wokha, conco ciuno cimanyamula makilo ngati 60. Kulemela kumeneko kumakoka pakati pa thupi, tinene masentimita 10 kucoka pa mfundo ya ciuno. Minofu ija imakoka mbali inayo ya mfundoyo, koma pafupi kwambili, masentimita ngati 5. Pa katungwe, wokhala pafupi na pakati afunika kulemela kwambili kuti alingane na wokhala kutali. Conco minofu ifunika kukoka kawili: mphamvu yofanana na makilo 120. Mfundo ya ciuno, imene ili pakati, imapanikizidwa na zonse ziwili, makilo 180, kumene ni kulemela kwa munthuyo kawili na theka. Izi zimacitika pa sitepe iliyonse, kucoka ku Kanyama mpaka m'tauni.

Minofu imeneyi ikafooka, thupi lili na njila ziwili. Yoyamba ni kungolola ciuno kugwa. Munthu akaponda na mwendo wofookawo, ciuno ca mbali inayo cimatsika, ndipo mukamuona cakumbuyo, lamba wake amapendekela. Dokota wa maopaleshoni wa ku Jelemani, Friedrich Trendelenburg, anafotokoza cizindikilo cimeneci mu 1895, ndipo mpaka lelo cimachedwa na dzina lake. Apa m'pamene ambili amasokonezeka: mbali imene yagwa si mbali imene yadwala. Ciuno cikagwa kumanja, minofu yofooka ili kumanzele, ku mwendo umene waima.

Njila yaciwili ni yocenjela. Munthu akaponda na mwendo wofooka, amaponyela mapewa na cifuwa mbali imeneyo. Akatelo, kulemela kwa thupi kumasendela pamwamba pa mfundo ya ciuno. Masentimita 10 aja akakhala 5, minofu imangofunika kukoka theka la zija. Palibe amene anamuphunzitsa masamu. Thupi linapeza lokha. Conco kupendekela kumene ana amaseka n'kuyelekezela kumbuyo kwa munthu si matenda, ni njila imene thupi lazembela matendawo. Ngati mbali zonse ziwili n'zofooka, munthu amapendekela uku na uku pa sitepe iliyonse, monga mmene limayendela bakha. Zoyambitsa n'zambili: mfundo ya ciuno imene siinakhale bwino m'malo mwake kucokela ali khanda, poliyo, kutha kwa mfundo pa ukalamba, kuthyoka kwa fupa pafupi na ciuno, opaleshoni ya ciuno, kapena kuvulala kwa mtsempha wonyamula mauthenga kupita ku minofuyo. Mtsempha wa mtundu umenewu, wosiyana na wa magazi, nizingoucha nevi.

Lomba titsikile ku phazi. Likamadutsa linzake m'mwamba, zala zimapita pafupi kwambili na dothi, sentimita imodzi kapena awili cabe. Tonse timayenda motelo, ndiye cifukwa kamwala kakang'ono kamatha kugwetsa munthu wamkulu. Cimene cimasunga kampata kameneko ni mnofu wa kutsogolo kwa msongolo, wochedwa tibiyalisi wakutsogolo, pamodzi na minofu yokweza zala. Khalani pansi, kwezani phazi cidendene cili pansi, mudzauona ukutukuka pambali pa fupa. Mnofu umenewu uli na nchito ziwili. M'mwamba umagwila phazi kuti lisalendewele. Cidendene cikagunda, umatsitsa phazi mwaulemu, monga munthu wotsitsa ndowa yodzala pa cingwe.

Ukafooka pang'ono, nchito yaciwili ndiyo imayamba kulephela, cifukwa ndiyo yolema. Cidendene cimagunda bwinobwino, koma phazi limamenya pansi kuti phwa. Pa simenti munthu wotele mumamudziwa na khutu asanaonekele: phazi limodzi lili cete, linalo limawomba. Ukafookelatu, phazi limalendewela m'mwamba, zala zimakokeka pansi, ndipo zala ndizo zimayamba kutela m'malo mwa cidendene. Mwendo umakhala ngati watalika, conco thupi limafunanso njila zozemba. Ena amakweza bondo kwambili ngati akwela masitepe kapena akudumpha matope. Ena amazungulitsa mwendo kumbali. Ena amakweza ciuno ca mbali imeneyo, ndipo ena amanyanyamphila pa zala za mwendo wabwino kuti wodwalawo udutse. Apanso diso limanama. Limaona bondo likukwela, n'kunena kuti vuto ni bondo, pamene bondolo likungothandiza phazi.

Kusiyana kwake ndiye uku: ciuno cofooka cimaoneka pamene mwendo wodwala uli pansi, ndipo phazi lofooka limaoneka pamene mwendo wodwala uli m'mwamba na pamene ukutela. Koma kudziwa mnofu umene wafooka ni theka cabe. Funso lalikulu n'lakuti uthenga wadukila pati. Nevi imene imakweza phazi imayambila kumsana, imadutsa m'thako na kumbuyo kwa nchafu, kenako imazungulila kafupa kamene kali kunja kwa mwendo, pansi pang'ono pa bondo. Pamenepo ili pansi pa khungu penipeni. Ingapanikizidwe pa bondopo, ingavulale m'thako, ingatsinidwe kumsana, ndipo phazi lidzagwa mofanana. Mofanana kwa wongoona, osati kwa wopima.

Bambo wina wa zaka za m'ma 40, wonyamula matumba a simenti pa shopu ya zomangila, anabwela na mkazi wake. Mkaziyo ndiye anayamba kukamba.

"Asisita, bambo awa bondo lawavuta. Akuyenda ngati apelete. Kunyumba akuti anaponda zinthu ku nchito."

N'nawapempha kuti akwinye buluku mpaka m'mabondo, avule nsapato, ayende. N'nayang'ana cammbali coyamba. Phazi lakumanzele linali kuwomba potela, ndipo atabwelela kacitatu, atatopa, bondo lakumanzele linayamba kukwela kwambili. Kenako n'nayang'ana cakumbuyo. Nthawi iliyonse akaponda na mwendo wakumanzele, mapewa anali kupendekela kumanzele. Kupendekelako kunali kocepa, ndipo amaiwo anali asanakuone. Mwendo umodzi, mavuto awili: lina m'mwamba, lina pansi. N'natenga nsapato yawo yakumanzele n'kuitembenuza. Kutsogolo kwake kunali kopalika, pamene inzake inali bwino.

"Atate, zinayamba bwanji?"

Anati milungu isanu m'mbuyomo anatsitsa thumba la makilo 50 pa thilaki atawelama n'kupotoka, ndipo msana unalasa. Patapita masiku, ululu unatsika m'thako, kunja kwa msongolo, mpaka pamwamba pa phazi na cala cacikulu. Akakhosomola, unali kuthamanga mwendo wonse. Anamwa mapilisi a ululu n'kupitiliza nchito, cifukwa tsiku losagwila ni tsiku losadya. Ululu utacepa anaganiza kuti acila, koma ni pamene patapata inayamba kuwavuka.

Kupima kwake sikunafune makina. N'nawauza kuti ayende pa zala, anakwanitsa. Kutanthauza kuti minofu ya kumbuyo kwa mwendo, yokankha, ili bwino. N'nawauza kuti ayende pa zidendene, phazi lakumanzele linakana kukwela bwino. Atakhala pa bedi, n'napima mphamvu na dzanja langa. Timagwilitsa nchito sikelo yocoka pa 0 kufika pa 5: pa 0 mnofu sugwedezeka n'komwe, pa 3 umakweza ciwalo koma sungalimbane na dzanja, pa 5 uli na mphamvu zonse. Kukweza phazi kunali pa 3. Kukweza cala cacikulu kunali pa 2. Kupotolela phazi kunja kunali kofooka. Kufika apa, nevi ya pa bondo ikanatha kufotokoza zonse.

Mayeso awili otsatila ndiwo anasintha nkhani. N'nawauza kuti apotolele phazi mkati, ngati afuna kuona kuphazi kwawo, ine n'kukankha. Linagonja. Mnofu umene umacita zimenezo sulandila uthenga kupyolela mu nevi ya pa kafupa ka bondo, uli na njila yake kumbuyo kwa mwendo. Conco vuto linali pamwamba, kumene njila ziwilizo zikali pamodzi. Kenako n'nawaimika pa mwendo umodzi, manja anga ali pa mafupa a ciuno cawo. Pa mwendo wakumanja anaima masekondi 30 ciuno cili cowongoka. Pa wakumanzele, n'tawaletsa kupendeketsa mapewa, ciuno ca kumanja cinatsika asanafike masekondi 10. Nevi ya minofu ya m'mbali mwa thako imapatuka pamwamba kwambili, mkati mwa ciuno. Malo amodzi amene amadyetsa zonsezi, kukweza phazi, kulipotolela mkati na kugwila ciuno, ni muzu wa nevi wotuluka kumunsi kwa msana, umene madokota amaulemba kuti L5. Atagona cagada, n'nakweza mwendo wakumanzele uli wowongoka, ndipo usanafike pa theka la ulendo wopita m'mwamba, ululu uja unabwelela mpaka kuphazi.

Pakati pa mafupa a msana pali tumapilo tofewa. Kamodzi kakaphulika pang'ono, zamkati zimatuluka n'kutsina muzu wa nevi. N'nafotokozela amaiwo kuti bondo lilibe mlandu, kuti zimene aona kuphazi zacokela kumsana, monga mmene getsi la m'cipinda limazimila waya ukaduka pa mita. Kenako n'nafunsa bamboyo mafunso amene nimafunsa aliyense wotele, olo acite manyazi: kodi mkodzo ukutuluka bwino, kodi cimbudzi mukucimva cikabwela, kodi pali dzanzi pakati pa miyendo, pamene munthu amakhalila pa njinga? Anati zonse zili bwino. Akanachula vuto pa limodzi mwa mafunsowa, kapena mapazi onse awili akanayamba kufooka, sakanabwelela kunyumba tsiku limenelo. Zikatelo manevi ambili apanikizidwa pamodzi, ndipo opaleshoni imafunika mwamsanga, apo ayi munthu angatsale wosatha kusunga mkodzo moyo wake wonse.

N'nawalembela kalata kwa dokota wa mafupa, ndipo sikani ya msana inaonetsa kapilo kotuluka pakati pa fupa lacinai na lacisanu la m'ciuno, mbali yakumanzele. Popeza mphamvu inali yosapitiliza kutsika, dokota anasankha kuyamba popanda opaleshoni, n'kumapima mlungu na mlungu. Kupima kumeneko n'kofunika, cifukwa 3 akatsika kukhala 2 kapena 1, cosankha cimasintha.

Kumbali yanga, n'nayamba na ndodo, ndipo apa tinakanganako. Bamboyo anaigwila kumanzele, mbali yodwala, monga amacitila pafupifupi aliyense. N'naisamutsila kumanja. Kumbukilani katungwe uja: poima pa mwendo wakumanzele, mbali imene ifuna kugwa ni yakumanja. Ndodo ikakhala kumanja imacilikiza mbali yogwayo, ndipo popeza ili kutali na mfundo ya ciuno, kukanikiza pang'ono kwa dzanja kumapeputsa minofu kwambili. Ndodo na mwendo wodwala zimapita kutsogolo pamodzi. Katundu ni mosiyana. Munthu wofooka ciuno cakumanzele akanyamula cikwama kapena cigubu ca madzi, acinyamule kumanzele komweko, cifukwa akacinyamula kumanja awonjezela kulemela ku mbali imene ikugwa kale. Za matumba a simenti tinagwilizana kuti ayambe aima, ndipo mwini shopu anawaika powelenga katundu.

Phazi tinaliika m'kacipangizo ka pulasitiki kooneka ngati L, kamene kamakhala kumbuyo kwa mwendo na pansi pa phazi, mkati mwa nsapato ya zingwe. Sikacilitsa nevi. Nchito yake ni kugwila phazi m'mwamba kuti munthu asapunthwe pamene nevi ikucila. Patapata tinaziletsa. N'nawaphunzitsanso kukoka phazi m'mwamba na citenge tsiku lililonse, bondo lili lowongoka. Cifukwa cake n'cakuti phazi likakhala lolendewela miyezi yambili, mnofu wa kumbuyo kwa mwendo umafupika, kakolo amauma, ndipo olo nevi idzacile, phazi silikwelanso. Za ciuno tinayamba na kugona cammbali n'kukweza mwendo, kenako kuima pa mwendo umodzi kutsogolo kwa galasi, manja ali m'ciuno, kuyang'ana kuti lamba akhale wowongoka.

Patapita miyezi inai, kupendekela kunatha, ndipo anasiya ndodo. Kukweza phazi kunafika pa 4. Cala cacikulu cinatsalila, ndipo madzulo akatopa phazi linali kuwombabe pang'ono. Ena amacila kuposa apa, ena amafunika opaleshoni, ndipo ena amatsala na kacipangizo kaja. Nevi ikangofinyika, imatha kudzuka m'milungu yocepa. Ikafa mkati, imamelanso pa liwilo la pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo kucoka kumsana kufika ku msongolo ni ulendo wautali. Mnofu nawonso sudikila mpaka kalekale. Ukakhala wopanda uthenga kupitilila caka, umayamba kutha mosabwelela.

Phazi lakugwa la mtundu winawo lili na nkhani yofupika. Amai ena ophwanya miyala, amene anali kukhala conjuta tsiku lonse, anabwela na phazi lowomba mofanana. Koma msana sunali kuwawa, kupotolela phazi mkati kunali kwamphamvu, ndipo anaima pa mwendo umenewo ciuno osagwa. N'tagogoda pa kafupa ka kunja kwa bondo, anamva tunyelele tukuthamangila pamwamba pa phazi. Nevi inapanikizidwa pomwepo. Zimacitikanso kwa wokonda kupingasa miyendo nthawi yaitali, wovala pulasitala yothina, wogona pa bedi la cipatala masiku ambili, kapena woonda mwadzidzidzi cifukwa ca matenda. Amaiwo anayamba kukhala pa kampando miyendo ili yotambasula, ndipo m'miyezi iwili phazi linabwelela. Palinso ana amene phazi limagwa pambuyo pa jekeseni wobayidwa pamalo olakwika m'thako, pafupi na nevi yaikulu. Ndiye cifukwa jekeseni si nchito ya aneba, olo akhale na dzanja lopepuka. Shuga, khate na sitiloko nazonso zimagwetsa phazi. La sitiloko nthawi zambili limakhala lolimba m'malo molendewela, ndipo dzanja kapena nkhope ya mbali imeneyo zimakhudzidwanso.

Kuyang'ana kumeneku kuli na malile ake. Ululu umanamiza: munthu amene ciuno cikumuwawa amapendekela mofanana na wofooka, cifukwa kupendekela kumacepetsanso kupanikizika kwa mfundo, ndipo amafulumila kucotsa mwendo wowawawo pansi. Mwendo umodzi ukafupika, munthu amaoneka ngati ciuno cagwa. Amene sakhazikika bwino, monga okalamba, angalephele kuima pa mwendo umodzi minofu ili bwino. Conco kayendedwe kamaonetsa kumene tiyambile kufufuza, koma dzina la matenda limabwela pambuyo popima na manja, nthawi zina na sikani.

Komabe zimene mungaone na maso anu n'zokwanila kuti mupulumutse miyezi. Wa kwanu akayamba kuyenda mosiyana, muoneni cammbali, mumuonenso cakumbuyo, ali wopanda nsapato pa malo osalala. Mvelani ngati phazi limodzi likuwomba. Tembenuzani nsapato zake. Muuzeni ayende pa zidendene, kenako aime pa mwendo umodzi ali pafupi na khoma. Mukafika ku kiliniki, musangoti amatsimphina. Nenani kuti phazi lakumanzele likukokeka ponyamula, linayamba milungu iwili yapitayo pambuyo pa ululu wa msana, kapena kuti akaponda na mwendo wakumanja amapendekela kumanja. Mawu amenewo amathandiza kuti akutumizeni ku khomo loyenela, kaya kwa a fiziyo kapena kwa dokota wa mafupa. Ngati ni mwana amene wangoyamba kuyenda ndipo akupendekela ngati bakha, kapena wacinyamata amene wayamba kutsimphina n'kumadandaula bondo popanda kuvulala, ciuno cake cipimidwe, cifukwa matenda a ciuno mwa ana kawilikawili amamveka m'bondo. Ndipo phazi likagwa mwadzidzidzi, pitani tsiku lomwelo, olo ululu ukhale utatha.